Sampulo ikaposa pamene mzere wa masitandadi wathera

Poyeza chitsulo ndi makina oyezera kuwala, A ndi muyezo wa kuwala komwe sampulo yamwa. Sampulo ya chitsulo idapereka A = 1.46 pa 510 nm, pamene masitandadi athu, omwe ndi madzi okhala ndi chitsulo cha muyezo wodziwika, a 1, 2, 3 ndi 4 mg/L, adathera pa 0.80. Mzere wawo udali A = 0.198c + 0.006, pomwe c ndi kuchuluka kwa chitsulo mu mg/L. Kulowetsa 1.46 m'fomulayi kudatipatsa 7.3 mg/L, koma tidaikana nambalayo. Kupitirira pamene masitandadi athera, mzere umayamba kupindika: pa A yotere kuwala kofika pa ditekita n'kosakwana 4 peresenti, ndiye kuwala kosokera m'makina kumatsitsa A ndipo yankho limatuluka lochepa.

Tidatenga 10 mL ya sampulo yoyamba ndi pipeti, n'kuthira mankhwala otulutsa mtundu muyezo womwe tidathira m'masitandadi, kenaka madzi osefedwa mpaka pa mzere wa 50 mL. Tidaikanso ziro ndi bulanki, yomwe ndi madzi opanda sampulo koma okhala ndi mankhwala omwewo, osati madzi okha. Kiyuveti, yomwe ndi kabotolo koikamo sampulo m'makina, tidaitsuka katatu ndi sampuloyo, n'kuipukuta bwino, chifukwa chidindo cha chala kapena kathovu kamodzi kamakweza A.

Tidapeza A = 0.323. Choncho c = (0.323 − 0.006) / 0.198 = 1.60 mg/L. Posaiwala kuchulukitsa ndi 5 chifukwa cha kusungunulako, yankho lenileni lidali 8.0 mg/L.