Ukasintha thambo pa chithunzi, yamba ndi mthunzi

Dzulo ndimachotsa thambo lotuwa pa chithunzi cha ukwati chojambulidwa ku Michiru, n'kuikapo la madzulo. Cholakwika chinaonekera pa nkhope: dzuwa linawomba akwati kuchokera kumanzere, koma thambo latsopanolo likuwala kumanja. Ndinangolitembenuza ndi Flip Horizontal, chida cha mu pulogalamu yokonzera zithunzi.

Kenako mtundu. Usadalire maso ako, amanama ukayang'anitsitsa nthawi yaitali. Ika Black & White, chida chobisa mitundu, pamwamba pa zonse kuti uone kuwala kokha, ndipo konza ndi Curves, chida chosinthira kuwala ndi mdima, mpaka mdima wa thambo ufanane ndi wa phiri. Ukatero bwezera mitundu. Diresi loyera likaoneka lobiriwira pansi pa thambo lofiirira, lionjezere kufiira pang'ono, pang'ono zedi, chifukwa ukapyoza mkwatibwi amaoneka ngati wayima pafupi ndi mbaula.