Momwe telala angawerengere masiku enieni a oda yaikulu asanalonjeze

Nyengo ya maukwati ikafika, matelala ambiri amakangana ndi makasitomala awo chifukwa cha tsiku. Kasokedwe kamakhala kabwinobwino, koma zovala zimene zinalonjezedwa Lachitatu zimatuluka Loweruka m'mawa, zina zisanasitidwe n'komwe. Anthu amangoti matelala ndi abodza. Ine sindivomereza. Ambiri akamatchula tsiku amalikhulupiriradi, chimene chimalakwika ndi kawerengedwe kawo, ndipo kawerengedwe kameneka kangakonzedwe.

Tiyerekeze kuti amayi a komiti ya ukwati abwera ndi zitenje, akufuna madiresi 20 ofanana. Telala amawerengera mumtima kuti diresi limodzi ndi maola 3, onse pamodzi maola 60, patsiku amagwira maola 8, ndiye masiku 8 akwana. Masamuwo ndi olondola, koma akuwerengera sabata imene magetsi sathima, munthu sadwala, ndipo aliyense wabweretsa muyeso wake pa nthawi yake. Sabata yoteroyo kulibe.

Vutoli si la matelala okha. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analilongosola mu 1979. Iwo anaona kuti munthu akafunsidwa kuti ntchito itenga nthawi yaitali bwanji, amaiona m'maganizo ikuyenda bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osakumbukira mmene ntchito zangati imeneyo zinayendera kale. Pa kafukufuku wina amene Roger Buehler ndi anzake anafalitsa mu 1994, ophunzira a payunivesite ku Canada ananena kuti amaliza kulemba mapepala awo omalizira maphunziro m'masiku pafupifupi 34. Atafunsidwa kuti nanga zonse zitavuta, anati masiku 49. Zoona zake, anatenga masiku oposa 55. Ngakhale tsiku limene ankaliyesa la tsoka linali lofulumira. Chimene chimatisokoneza n'chakuti kuchedwa kulikonse kwa m'mbuyomu timakupezera chifukwa chakechake: ulendo uja kunali maliro, ulendo wina makina anawonongeka. Timaiwala kuti oda iliyonse imabwera ndi chifukwa chake chatsopano.

Ndiye choyamba, musayankhe kasitomala ali chiimire. Auzeni kuti, "Mayi, ndiloleni ndione kaye m'buku, ndikuimbirani madzulo." Tsegulani kope limene mumalembamo miyeso ndipo mupeze maoda awiri kapena atatu ofanana ndi imeneyi. Onani tsiku limene nsalu inafika ndi tsiku limene chovala chomaliza chinatuluka pakhomo. Tinene kuti madiresi 12 a kwaya anatenga masiku 13 ogwira ntchito, ndipo madiresi 8 a chinkhoswe anatenga masiku 9. Apa bukulo lakuuzani kale kuti pashopu panu pamatuluka pafupifupi diresi limodzi patsiku, kutanthauza kuti madiresi 20 ndi masiku 21 kapena 22, osati 8. Ngati simulemba masiku, yambani lero: pambali pa muyeso uliwonse muzilemba tsiku lolandira, tsiku limene mwalonjeza, ndi tsiku limene mwaperekadi.

Chachiwiri, lembani ntchito zonse, makamaka zimene sizichitikira pamakina. Maola 3 aja ndi nthawi imene phazi lili pa chopondera basi. Diresi lisanafike pamenepo pamafunika kuyala chitenje, kulemba ndi choko ndi kudula, ndipo chitenje cha maluwa akuluakulu chimadya nthawi chifukwa maluwawo ayenera kukumana bwino pamsoko. Pali kudula layining'i, kupititsa pa ovaloko, kuika zipi, kupinda m'munsi, kudula tiulusi totsala ndi kusita. Mukayang'ana wotchi kuyambira poyala nsalu mpaka popachika diresi, mungapeze kuti ndi maola 4 ndi theka. Madiresi 20 akhala maola 90.

Pamenepo onjezani kubweza. Pa gulu la amayi 20 sipalephera ena amene anatumiza muyeso pafoni, woyezedwa ndi mwana ndi tepi yotamuka, ndi ena amene akayesa amati pachifuwa pathina. Ngati zimene mwaona m'mbuyomu n'zakuti diresi limodzi mwa anayi alionse limabwerera, ndiye madiresi 5, ola limodzi lililonse pophwasula ndi kusokanso. Ulendo wa kutauni wokagula mazipi, ulusi ndi layining'i uwerengereni maola 4, poti mtundu wa zipi wogwirizana ndi chitenje supezeka m'sitolo yoyamba. Zonse pamodzi tafika pa maola pafupifupi 100.

Chachitatu ndi chimene ambiri amalumpha, kuwerenga maola enieni a tsiku. Kukhala pashopu kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko sikutanthauza kuti mwasoka maola 9. Pali nkhomaliro, pali wobwera ndi buluku loti muike chigamba pompopompo, wina wodzayezetsa, wina wodzangofunsa mtengo. Ngati ovaloko ndi ayironi yanu ndi zamagetsi, magetsi akathima ntchito zina zimaima. Kwa sabata imodzi, muzilemba pakapepala nthawi imene mwayamba oda yaikulu ndi nthawi imene mwaisiya. Mukapeza maola 5 patsiku musadabwe. Maola 100 kugawa ndi 5 ndi masiku 20, ndipo pogwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka ndi masabata atatu ndi masiku awiri. Taonani kuti chiwerengerochi chayandikana ndi masiku 21 kapena 22 amene buku linanena. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana kwambiri, khulupirirani bukulo, chifukwa muli kale maliro, malungo ndi singano zothyoka zimene simungazione pasadakhale.

Chachinayi, nthawi yodikira anthu ena muiike payokha. Ngakhale mutasoka usiku wonse, diresi la mayi amene ali ku Mzuzu ndipo sanatumize muyeso silingadulidwe. Choncho gwirizanani ndi a komiti kuti masiku ayamba kuwerengedwa pamene nsalu yonse, miyeso yonse ndi ndalama ya chikole zafika, ndipo mugwirizanenso tsiku limodzi loti onse adzayese.

Tsopano imbani foni ija. Tchulani masiku awiri, loyesa ndi lotenga: kuyesa kumayambiriro kwa sabata yachinayi, kutenga kumapeto kwake. Tsiku lotenga lisakhale loyandikana kwambiri ndi tsiku la ukwati, pakhale mpata wa masiku atatu kapena anayi. Akanena kuti ukwati uli patsogolopa, masabata awiri okha, musachepetse chiwerengero kuti muwasangalatse. Masabata awiri ndi masiku 12, maola 60, ndiye madiresi 12. Otsala 8 agawireni telala mnzanu, kapena mulembe waganyu woti azidula ndi kusita, kapena mupemphe kuti sitayilo ikhale yopanda layining'i. Koma dziwani kuti waganyu watsopano amakudyerani nthawi tsiku loyamba pomuonetsa kadulidwe kanu.

Ntchito ikayamba, dziyeseni msanga. Pofika madzulo a tsiku lachinayi payenera kukhala madiresi 4 opachikidwa, osokedwa ndi kusitidwa. Musawerenge amene mukuti atsala pang'ono, chifukwa diresi lopanda zipi ndi losapinda m'munsi likadali ndi ola lathunthu. Ngati apachikidwa atatu okha, liwiro lanu ndi madiresi atatu pa masiku anayi, ndipo 20 atenga masiku pafupifupi 27. Imbirani a komiti tsiku lomwelo, nthawi yopeza telala wachiwiri ikadalipo.