Tiyi wa masamba a sawasopu: osamwa tsiku ndi tsiku ngati mankhwala a khansa

Abale anga kuno ku Joni, masamba a sawasopu aja, ena amati gilaviyola, afala kwambiri, mupeza timapaketi ku Yeoville, ku Mayfair, ena akugulitsirana pa WhatsApp kuti amapha khansa kuposa kemo, mankhwala a khansa akuchipatala aja. Mtengowu ndi wachibale wa mpoza wakwathu uja, nde anthu sauopa, amangoti zachilengedwe izi.

Zoti amapha maselo a khansa zinaoneka mu labu, m'timbale ndi pa mbewa basi. Pa anthu odwala palibe kafukufuku wodalirika amene wasonyeza kuti chotupa chimaphwa ndi tiyiyu.

Koma vuto lake linaoneka pa anthu enieni. Pachilumba cha Guadeloupe, komwe amadya zipatsozi ndi kumwa tiyi wa masamba ake kwa zaka zambiri, madokotala mu 1999 analemba za odwala ambiri a matenda onga a Parkinson, a mu ubongo onjenjemeretsa manja aja, koma oti mankhwala ake a levodopa sawagwira bwino. Akuganizira anonasini, poizoni wopezeka mu masamba, chipatso ndi njere, amene amalowa mpaka mu ubongo nkutseka pomwe maselo amapangira mphamvu, maselowo nkumafa pang'onopang'ono. Ndipo maselo a mu ubongo akafa sameranso ayi.

Kapu imodzi ili ndi poizoni wochepa, wochepa kuposa wa mu chipatso chimodzi, vuto ndi kamwedwe kathu. Tiyerekeze mayi amupeza ndi khansa ya m'mawere, akuwiritsa masamba odzadza dzanja mpaka madzi kuda bii, makapu atatu patsiku, kuonjezera makapusozi ndi ufa zosadziwika mulingo wake, miyezi nkumapita, kemo wayimitsa kaye poti tiyi akugwira ntchito. Chotupa chikukulabe mwakachetechete, uku ubongo ukulandira poizoni tsiku lililonse. Chimene chimandiwawa ine nchoti khansa ya m'mawere akaipeza msanga ambiri amachira kuchipatala, miyezi yotayikayo ndi imene imapha.

Osamangodikira kunjenjemera kwa manja, pa matenda awa si onse amene amanjenjemera. Muziona ngati munthu wayamba kuyenda mokoka miyendo, khosi ndi msana kuuma, kugwa chagada popanda chomupunthwitsa, kuvutika kuyang'ana pansi potsika masitepe, mawu kutuluka mokoka lilime, kuiwalaiwala, mwina kuona zinthu zomwe palibe. Zikatero tiyi asiyiretu, mupite naye kukiliniki, paketi ija muitenge adokotala akaione.

Amene muli pa mankhwala a bipi kapena shuga samalaninso, masambawa atha kutsitsa zonse ziwiri mopyola. Oyembekezera ndi oyamwitsa asayerekeze. Ngati muli pa kemo ku Charlotte Maxeke kapena ku Bara ndipo mwakhala mukumwa, auzeni anesi mosabisa kuti munayamba liti komanso makapu angati patsiku.