Spotify ikanena kuti nyimbo zikuyimba pa chipangizo china

Musathamangire kufufuta Spotify, siyinawonongeke. Akaunti imodzi imayimba nyimbo pa chipangizo chimodzi nthawi imodzi, ndiye ngati munailowetsapo pa laputopu kapena pa foni ya mlongo wanu, iyeyo akangoyatsa nyimbo, kwanu kumakhala zii.

Dinani kachizindikiro ka sipika m'munsi mwa nyimbo yomwe ikuyimbayo, musankhe foni yanu. Nyimbo ibwerera pompo.

Koma mukaona dzina la chipangizo chomwe simukuchidziwa, kapena nyimbo zikusintha zokha, musazengereze, mwina wina ali ndi pasiwedi yanu. Lowani pa spotify.com/account ndi bulawuza, musinthe pasiwedi, kenako mudine "Sign out everywhere". Kutulutsa anthu popanda kusintha pasiwedi n'kutaya nthawi, abwereranso. Masipika ndi ma TV ena satuluka ndi batani limeneli, amenewo muwachotse pa "Manage apps".