Momwe mungakonzere phunziro la sikelo ya mapu m'makalasi akuluakulu a pulayimale

Mphindi 40 sizikwanira kuphunzitsa zizindikiro za pamapu, kampasi ndi sikelo zonse pamodzi. Sankhani chimodzi. Pano titenge sikelo, chifukwa ndi pomwe ana ambiri amasokonezeka. Cholinga chanu chilembeni momveka: phunziro likamatha, wophunzira athe kuyeza mtunda pamapu ndi kunena kutalika kwake kwenikweni.

Dzulo lake, konzani mapu amodzi pa gulu lililonse la ana anayi, marula ndi ulusi. Mapuwo akhale ndi msewu wowongoka ndi mtsinje wokhotakhota, pa sikelo ya 1:50,000. Ngati ndi afotokope, samalani. Makina akachepetsa kapena kukulitsa mapu, manambala a sikelo sakhalanso oona, koma sikelo ya mzere imakhalabe yolondola popeza imachepa kapena kukula limodzi ndi mapuwo. Ikanipo rula nokha mutsimikize kuti masentimita 2 akuimiradi kilomita imodzi.

M'kalasi, musathamangire kugawa mapu. Mphindi 10 zoyambirira, ana ayeze chipinda chomwe akhalamo. Tinene kuti apeza mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Afunseni kuti chipinda chonsechi chikwana bwanji m'kope. Akavutika pang'ono, gwirizanani kuti sentimita imodzi iimire mita imodzi, ndipo ajambule masentimita 8 ndi 6. Apa m'pamene mutchule mawu akuti sikelo, atawagwiritsa kale ntchito ndi manja awo.

Kenako gawani mapu, muwerengere nawo pabolodi. Sentimita imodzi ikuimira masentimita 50,000, omwe ndi mamita 500. Msewu wa masentimita 6 ndiye kuti ndi mamita 3,000, kapena makilomita 3. Mtsinje rula siingautsate, choncho mwana mmodzi agoneke ulusi motsatira makhotakhota onse, mnzake aike chizindikiro pothera, kenako auwongole parula. Zungulirani m'magulu mukuyang'ana zala zawo, chifukwa ena amaukoka ulusi mpaka kudumpha pokhota, mtunda n'kufupika. Gawoli lipatseni mphindi 20.

Nthawi yotsalayo ndi yoona ngati amva. Aliyense payekha ayeze msewu womwe inu mukudziwa kuti ndi masentimita 7, alembe yankho papepala n'kukweza m'mwamba. Yankho lolondola ndi makilomita 3.5, koma mayankho olakwika ndi amene akuuzeni zambiri. Wolemba makilomita 7 wangotenga nambala ya parula, sikelo sanaigwiritse ntchito. Wolemba makilomita 3,500 wachulukitsa bwino, kungoti sanasinthe mamita kukhala makilomita. Wolemba makilomita 4 nthawi zambiri amakhala kuti wayambira kuyeza pa 1 m'malo mwa 0, ndipo ameneyo muthana naye pompo pomusonyeza poyambira rula. Olemba 7 akachuluka, mawa musapitirire ku mutu wina. Bwererani ku chojambula cha chipinda chija, koma sentimita imodzi iimire mamita 2.