Pinyolitsani puloti, nyumba musagumule: malangizo kwa osewera Monopoly kuno ku Salima

Anyamata amene mumasewera Monopoly pakhonde ku Kamuzu Road kuno ndi inu a ku Senga Bay, ndakhala ndikuona kuti ambiri mumaluza gemu mukadali ndi makhadi ambirimbiri m'manja, chifukwa choopa pinyolo. Munthu amaona ngati kutembenuza khadi la puloti ndi manyazi, ngati wafoira, ndiye amangokhala ndi timapuloti tamitundumitundu tomubweretsera lendi ya 20, 26, pomwe mnzake akumanga. Ndilankhula za bolodi ya mayina a ku London ija, ya Mayfair ndi Old Kent Road, koma ngati yanu ili ya mayina a ku Amerika mitengo ndi yomweyo.

Lamulo la pinyolo lili chonchi. Mukapinyolitsa puloti, banki imakupatsani theka la mtengo wake, ndipo pamenepo lendi simutoleranso. Powombola mubweza ndalama ija ndi 10 peresenti pamwamba, basi, kaya mwakhala nayo maulendo awiri kaya gemu yonse chiwongoladzanja sichikula. Tsono nyumba ndi nkhani ina, mukaigula 100 n'kuibweza ku banki amakupatsani 50 yokha. Zili ngati kusiyana kwa kupinyolitsa njinga ndi kuigulitsa motchipa mawa n'kukagulanso yatsopano. Kupeza 100 kudzera mu pinyolo mutaya 10, kupeza 100 yomweyo pogumula nyumba mutaya 100 yathunthu. Ndiye chinthu choyamba kukhudza mukapanikizika chizikhala mapuloti oyendayekha, osati nyumba.

Tiyeni titenge gemu imodzi tiione bwinobwino. Muli ndi Bow Street ndi Marlborough Street, a olenji aja, mukusowa Vine Street kuti seti ikwane. Mulinso ndi Regent Street, Leicester Square, Mayfair, King's Cross ndi Water Works, kashi m'manja 300. Vine Street ili ndi mnzanu, anaipinyolitsa kale, ndipo iye ali ndi magilini awiri, Oxford Street ndi Bond Street, akusowa Regent Street yanuyo. Kashi yake ndi 400.

Ambiri apa amakana dilu yosinthana Regent Street ndi Vine Street, amvekere magilini ndi odula sindingamupatse. Koma taonani kaye zomangira. Nyumba pa olenji ndi 100, pa gilini ndi 200, ndiye kuti mufike nyumba zitatuzitatu inu mukufunika 900 pomwe iye akufunika 1800, ndalama imene alibe ndipo saipeza msanga. Chinanso ma olenji ali masitepe 6, 8 ndi 9 kuchokera ku jele, manambala amene madayisi awiri amakonda kutulutsa, ndipo anthu mu gemu iyi amalowa jele pafupipafupi, akatuluka amadzera pakhomo panu. Dilu imeneyi ndi yabwino kwa inu, ivomereni.

Musanasinthane pinyolitsani kaye Regent Street, banki ikupatsani 150, kashi yafika 450. Malamulo amalola kugulitsana puloti yopinyolitsidwa, bola muchite poyera mnzanu akuona asanavomere, mumuuze kuti achimwene yanunso Vine ili pa pinyolo, tisinthane zonse zili choncho. Akavomera, iye sangamange ngakhale nyumba imodzi pa magilini mpaka atawombola Regent Street ndi 165, chifukwa seti ikakhala ndi puloti imodzi yokha yopinyolitsidwa kumanga kulibe. Pa 400 yake atsala ndi 235, nyumba imodzi basi.

Apa pali lamulo limene nyumba zambiri amaliiwala ndipo limayambitsa mikangano. Mukalandira puloti ya pinyolo kuchokera kwa mnzanu, 10 peresenti ija mulipira ku banki nthawi yomweyo. Mukaiwombola pompo, Vine Street ikudyerani 110 zatha. Mukati ndiwombola mtsogolo, mulipira 10 lero, kenako tsiku lowombola 110, kuphatikiza 120. Pa Vine kusiyanako n'kochepa koma munthu akakusunthirani makhadi asanu otembenuza pakamodzi zimapweteka, choncho muziwerengera zimenezi musanagwirane chanza. Inuyo wombolani pompo poti mukufuna kumanga, kashi yatsala 340.

Tsopano ndalama zomangira. Funso ndi lakuti muyambe kupinyolitsa iti, ndipo yankho ndi kuyang'ana kuti puloti ikukupatsani lendi yanji poyerekeza ndi zimene banki ikupatseni. Leicester Square ili yokha imabweretsa 22 koma banki ikupatsani 130, iyi ipite koyamba. Mayfair lendi 50, pinyolo 200. Anthu amaikakamira chifukwa cha dzina, koma popanda Park Lane ndi khadi wamba, itembenuzeni, idzakhalabe yanu ndipo mwini Park Lane sadzamanga. Siteshoni ya King's Cross ili yokha lendi ndi 25, pinyolo 100. Mukanakhala ndi masiteshoni atatu kapena anayi ndikanati asiyeni, poti lendi imafika 100 kapena 200 pa iliyonse. Water Works anthu amathamangira kuipinyolitsa koyamba koma ine ndimati ikhale yomaliza, imangokupatsani 75 pomwe lendi yake ndi dayisi kuchulukitsa ka 4, nthawi zambiri cha m'ma 28.

Ndiye 340 kuphatikiza 130, 200 ndi 100 mwafika 770. Gulani nyumba zisanu ndi imodzi, ziwiriziwiri, poti lamulo limati mumange mofanana, mwatsala ndi 170. Lendi tsopano ndi 200 pa Bow ndi Marlborough, 220 pa Vine. Ndikudziwa dzanja liyabwa kuti muikenso yachisanu ndi chiwiri pa Vine lendi idumphe kufika 600, koma taonani kaye kutsogolo kwa chidole chanu. Mnzanu uja waika nyumba pa Bond Street, mukagwerapo ndi 150, ndipo 170 yanu ikwana, Water Works ikadali pambali ya tsiku loipa. Mukatsala ndi 70 yokha, ngakhale mupinyolitse Water Works mufika 145, mudzayamba kugumula nyumba zomwe mwangomanga kumene pa theka la mtengo. Dikirani mudutse magilini, mutenge 200 pa GO, kenako ikani ya Vine, zinazo zitsatire. Ngati mwadutsa kale magilini ndiye mangani lero lomwe.

Nyumba yachitatu ndi imene mukulimbirana, kuchoka pa 200 kufika 550 ndi 100 yokha, pomwe yachinayi imangowonjezera 200. Choncho ndalama ikayamba kulowa musathamangire kuwombola Leicester Square ndi 143 kuti muzitolera 22, malizani kaye zitatuzitatu. Zowombola zibwere pambuyo, kuyambira imene ingakwanitse seti ina. Kumbukiraninso kuti m'bokosi nyumba zilipo 32 zokha, zikatha palibe womanga mpaka wina abweze, ndiye amene wamanga msanga watsekereza anzake, n'chifukwa chake osewera ochenjera amaima pa nyumba zinayi osakweza hotelo.

Dilu ngati iyi imatembenuka ngati simunawerenge thumba la mnzanu. Musamangoona kashi ili patebulo, phatikizani ndi theka la mtengo wa makhadi ake onse osatembenuza. Akakhala ndi 400 koma alinso ndi masiteshoni atatu ndi mapuloti ena anayi, akhoza kusonkhetsa cha m'ma 1000 mu mphindi imodzi n'kumanga magilini, apo ndiye muuzeni awonjezere kashi pa diluyo, kapena akupatseni siteshoni imodzi, akakana khalani nayo Regent Street yanu.