Masivi 200 masana amodzi: funso limodzi, mulu wonse, kenako lina

Inu amene mumalemba anthu ntchito kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mukudziwa zimene zimachitika mukangomata chidziwitso pa bolodi, mipata ndi inayi yokha koma maenvulopu a khaki amadzadza katoni mpaka ena mumaika pansi pa tebulo. Ndiye tiyerekeze mukufuna alangizi anayi oyendera alimi a m'masikimu ku East Bank, uko kwa Makhuwira mpaka Muona, alembera anthu 200 ndipo abwana akufuna mayina a oitanidwa ku intavyu mawa m'mawa. Kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko ndi mphindi 240, mukagawa ndiye kuti sivi iliyonse ili ndi masekondi 72. Simungawerenge munthu pa masekondi 72, makamaka mu Okutobala fani ikungopemerera mpweya wotentha. Choncho masanawa ntchito yoyamba si kusaka wabwino ayi, ndi kuchotsa amene sangaigwire ntchitoyo ngakhale mutawakonda bwanji.

Funso lochotsera munthu liyenera kukhala la eya kapena ayi, lopanda "zimatengera", komanso likhale pa chinthu choti munthu akapanda kukhala nacho sangayambe ntchito tsiku loyamba. Pa ntchito yathuyi atatu akukwana. Ali ndi layisensi ya njinga yamoto? Ali ndi MSCE kapena pepala loposa pamenepo? Angachititse msonkhano wa alimi mu Chisena kapena Chimang'anja? Onse atatu akhale oti munawalemba kale pa chidziwitso chija ndipo munauza anthu kuti ayankhe m'kalata yawo n'kumata mafotokope, funso lotulukira pa tebulo tsiku losankha limakhala lopangira m'bale wa winawake, tisanamizane. Zoti "akhale wolimbikira" kapena "wazaka zisanu pa ntchito" musaziike apa. Wazaka zinayi ndi theka angalephere chani chimene wazaka zisanu akutha? Zimenezo n'zopatsira mamalikisi pambuyo pake.

Maenvulopu atsegulidwe m'mawa ndi munthu wina, amenye sitepula mapepala a munthu aliyense n'kulemba nambala pakona, 1 mpaka 200. Inu mukakhala pansi musatenge sivi imodzi n'kuifunsa mafunso onse atatu, tengani funso limodzi mudutse nalo mulu wonse, diso limazolowera pamene likuyang'ana ndiye mumathamanga. Yambani ndi funso looneka msanga komanso logwetsa ambiri. Ngati simukudziwa kuti ndi liti, tapani masivi 20 oyamba muyese mafunso onse muone lomwe lagwetsa kwambiri. Kuno nthawi zambiri imakhala layisensi, chifukwa oyendetsa njinga ndi ambirimbiri koma pepala lake alibe. Ndipo muyang'ane kalasi yake, ya njinga yamoto ndi A kapena A1, wina amamata ya B ya galimoto n'kumaganiza kuti zatheka, muonenso deti yothera.

Tiwerengere limodzi. Layisensi ndi masekondi 15 pa munthu, anthu 200 ndi mphindi 50, tinene kuti atsala 70. MSCE ndi theka la mphindi pa munthu, mphindi 35, atsala 55. Chilankhulo chimafuna kuwerenga kalata pang'ono ndiye ndi mphindi imodzi aliyense, mphindi 55, atsala mwina 30. Zonse pamodzi mphindi 140, nthawi ili cha m'ma 3:20 ndipo mukadali ndi mphindi 100 m'manja. Mukanayamba ndi chilankhulo bwenzi funso limodzilo litadya mphindi 200 lokha.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa milu. Milu ikhale itatu osati iwiri: wa eya, wa ayi, ndi wokayikitsa. Munthu amene sanatchule kanthu sananene kuti ayi. Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi, ndinagwetsa mayi wina chifukwa sanamate satifiketi ya MSCE, mnzanga pobwereza anapeza kuti mayiyo wamata dipuloma ya zaulimi, nanga dipuloma akanailowa bwanji wopanda Folomu 4? Kuchokera tsiku limenelo funso ndimalilemba kuti "MSCE kapena kuposa". Palinso ena mapepala awo anapita ndi madzi nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, amamata kapepala ka zotsatira kapena kalata yofotokoza, amenewo ndi a mulu wokayikitsa, aimbireni foni mphindi imodzi basi mumve. Koma layisensi ngati munalemba poyera kuti amate fotokope ndiye sanamate komanso sanaitchule paliponse, ameneyo watuluka, apo ayi mulu wokayikitsa ukula kuposa enawo ndipo mugona mu ofesi.

Mayankho muzilemba, musadalire mutu. Mu Excel ikani nambala ya munthu mu A, dzina mu B, mafunso atatu mu C, D ndi E, muzilemba EYA, AYI kapena KAYA, ndiye mu F2 ikani izi n'kukokera pansi:

```
=IF(COUNTIF(C2:E2,"AYI")>0,"WATULUKA",IF(COUNTIF(C2:E2,"EYA")=3,"WAPITA","FONI"))
```

Magetsi akathima kope la mizere limagwira ntchito yomweyo. Phindu lake mudzaliona tsiku limene munthu wina wamkulu m'dera adzabwere kudzafunsa kuti mwana wa mlongo wake anagwera pati, mumangotsegula n'kunena kuti nambala 114, layisensi inatha chaka chatha.

Funso la chilankhulo lija lisamalidwe. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ukwati kapena ulumali. Ndiye chimene mukufunsa ndi luso loti ntchitoyo ikulifunadi, kuti agogo a ku Makhanga akafotokoza vuto la mbozi m'chimanga mlangizi amve, simukufunsa kuti kwanu n'kuti. Musaweruze ndi dzina la bambo ake, alipo a ku Mzimba amene anakulira ku Nchalo makolo awo akugwira ntchito ya nzimbe ndipo Chisena amachilankhula bwinobwino, aliponso a dzina la konkuno obadwira ku Lilongwe oti sangamalize chiganizo. Adiresi nayonso si chifukwa, ana ambiri a kuno amalembera ali kwa achibale ku Ndirande kapena Bangwe komwe akusakira ntchito. Ngati ntchitoyo Chichewa chikukwana, funsolo lichotseni.

Pa mphindi 100 zotsala zija, 20 pumani mumwe madzi, imbani mafoni a okayikitsa aja ngati ali ochepa. Zina 20 mupatse mnzanu masivi 10 otapa mwachisawawa pa mulu wa ayi, asaone zimene munalemba, ayankhe yekha mafunso atatu aja. Akapeza mmodzi wogwetsedwa molakwa m'bwezereni, akapeza awiri kapena kuposa ndiye kuti vuto si kutopa kwanu, funsolo lili ndi bowo, bwerezani onse amene anagwera pa funso limenelo. Muonenso chiwerengero cha otsala. Akatsala 120 ndiye kuti mafunso anu ndi ofewa, aliyense akungoti eya. Akatsala 5 mwaika zokhumba m'malo mwa zofunika, ndipo mukaona kuti amayi onse agwera pa layisensi khalani pansi ndi abwana mufunsane ngati bungwe silingathe kuphunzitsa munthu njinga mwezi woyamba, chifukwa ngati lingathe ndiye kuti funsolo silinali lochotsera munthu.

Ola lomaliza ndi la anthu 30 aja, mphindi ziwiri aliyense, apa tsopano ndi pamene mukuwerengadi kuti anagwirapo kuti, ndi alimi angati, mbewu yanji, n'kusankhapo 12 a intavyu, atatu pa mpata uliwonse. Powaimbira muwauze abwere ndi layisensi yeniyeni ndi satifiketi yeniyeni, ndipo mphindi zisanu zoyamba za intavyu zikhale mu Chisena kapena Chimang'anja, poti pa pepala aliyense analemba kuti amatha.